Zingwe ziwiri zopingasana: kupeza kukula kwa malo opendekeka

Anthu ambiri akafuna kudziwa kukula kwa dimba kapena puloti amayenda ndi tepi m'malire. Amayeza mulitali, amayeza mulifupi, n'kuchulukitsa manambala awiriwo. Njira imeneyi imapereka yankho lolondola pa malo a mtundu umodzi wokha, amene makona ake onse anayi ndi a sikweya, kutanthauza a madigiri 90. Koma malire a minda amatsata mtsinje, njira, mitengo kapena pamene makolo analoza, ndipo makona ake sakhala a sikweya kawirikawiri. Malo akapendekeka ngakhale pang'ono, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi zimapereka nambala yoposa nthaka imene ilipodi. Wogula kapena wobwereka malowo ndiye amene amaluza, chifukwa cholakwikacho nthawi zonse chimapita mbali imodzi, yowonjezera.

Vuto limeneli si la lero. Pa makoma a kachisi wa ku Edfu, ku Iguputo, amene anamangidwa pakati pa zaka za 237 ndi 57 Yesu asanabadwe, panalembedwa minda ya kachisiyo ndi kukula kwake. Alembi ankaphatikiza mbali ziwiri zoyang'anizana n'kugawa pawiri, n'kuchita chimodzimodzi ndi mbali ziwiri zinazo, kenako n'kuchulukitsa mayankho awiriwo. Pa munda wa makona a sikweya zinkayenda bwino. Pa wina uliwonse wa mbali zinayi, mundawo unkakula papepala kuposa pansi.

Pali njira ina imene ine ndimaikhulupirira kwambiri. Imasiya malire n'kulowa m'kati mwa malowo. Imafuna zinthu zitatu zokha: kutalika kwa zingwe ziwiri zokokedwa kuchoka pa kona kukafika pa kona yoyang'anizana nayo, ndi ngodya imene zingwezo zikupanga pamene zakumana. Kusukulu zingwe zimenezi amazitcha madayagonolo.

Tiyambe ndi mtundu wa malo amene njirayi imaoneka bwino kwambiri, paralelogilamu. Ameneyu ndi malo a mbali zinayi amene mbali zake zoyang'anizana n'zofanana kutalika ndipo zimayenda motsatana, osakumana ngakhale mutazitalikitsa chotani. Rombasi ndi paralelogilamu amene mbali zake zonse zinayi n'zofanana. Chimene chili chothandiza pa paralelogilamu n'chakuti madayagonolo ake amadulana pakati penipeni. Chingwe cha mamita 40 chimagawika 20 uku 20 uku, cha mamita 30 chimagawika 15 uku 15 uku. Zimenezi zimagwiranso ntchito mobwerera: mukakoka zingwe ziwiri m'munda n'kupeza kuti chilichonse chadulidwa pakati penipeni ndi chinzake, dziwani kuti mundawo ndi paralelogilamu, ngakhale musanayeze malire ake.

Tiyerekeze dimba la m'dambo lokhala ndi zikhomo zinayi m'makona. Takoka chingwe chachitali, chakwana mamita 40. Takoka chachifupi, chakwana mamita 30. Zakumana pakati pa chilichonse, ndipo ngodya yaing'ono pakati pa zingwezo ndi madigiri 60. Mukaima pamene zakumanapo n'kuyang'ana mozungulira, muona kuti dimbalo lagawika zigawo zinayi, chilichonse cha makona atatu. Masamu onse ali m'mathirayango anayi amenewa.

Kukula kwa thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Msinkhu pano si kutalika kwa mbali yopendekekayo ayi, koma mtunda waufupi kwambiri kuchoka pa nsonga ya thirayango kukafika pa mzere wa tsinde. Titenge thirayango imodzi, ya ngodya ya madigiri 60. Tsinde lake ndi theka la chingwe chachitali, mamita 20. Mbali yake yopendekeka ndi theka la chingwe chachifupi, mamita 15, ndipo kumapeto kwake kuli chikhomo cha pa kona. Funso ndi lakuti: chikhomo chimenechi chatalikirana motani ndi chingwe chachitali? Si mamita 15, chifukwa njira ya mamita 15 ija ndi yolambalala. Njira yachidule ndi yocheperapo, ndipo kuchepa kwake kumadalira mmene zingwezo zatsegukira.

Apa ndi pamene pamalowa batani lija la pa kakyuleta lolembedwa sin. Ambiri tinaliopa kusukulu, koma ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa. Limakuuzani kuti mukayenda mita imodzi motsata chingwe chopendekeka, mwatalikirana motani ndi chingwe chinacho. Pa madigiri 60 yankho ndi 0.866, kutanthauza kuti mita iliyonse imene mwayenda yakusunthani masentimita pafupifupi 87 kuchoka pa chingwe chachitali. Mukayenda mamita onse 15 mpaka pa chikhomo, mwatalikirana nacho mamita 12.99, tinene 13. Umenewu ndiye msinkhu. Theka la 20 ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 12.99 ndi masikweyamita 129.9.

Tsopano yang'anani thirayango yoyandikana nayo, imene ngodya yake ndi yotambasuka, ya madigiri 120. Ndi maso imaoneka yosiyana kwambiri, yaitali ndi yopyapyala, moti munthu angalumbire kuti kukula kwake si kofanana ndi inzake ija. Koma tsinde lake ndi theka lina lija la chingwe chachitali, mamita 20 omwewo. Nsonga yake ndi chikhomo chomwe chija, chimene chili pa mamita 12.99 kuchoka pa chingwe chomwe chija. Tsinde lofanana, msinkhu wofanana, choncho kukula n'kofanananso, 129.9. Tsidya lina la chingwe chachitali nkhani ndi yomweyo. Zigawo zinayi zofanana, 129.9 kanayi, zikutipatsa masikweyamita 519.6.

Mfundo imeneyi ikuyankhiratu funso limene ophunzira amafunsa kawirikawiri, lakuti pa ngodya ziwiri zimene zili pamene zingwe zakumana, atenge iti, ya 60 kapena ya 120. Tengani iliyonse. Ngodya ziwirizo zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, ndipo sin wa ngodya zotere amakhala mmodzi. Dinani sin 120 pa kakyuleta, mupeza 0.866 yomweyo.

Zonse zimene tachitazi zikalembedwa mwachidule zimakhala motere, d1 ndi d2 akuimira zingwe ziwirizo ndipo θ akuimira ngodya ya pakati pawo:

```
A = ½ × d1 × d2 × sin θ
A = ½ × 40 × 30 × 0.866 = 519.6
```

Yerekezani tsopano ndi munthu uja woyenda ndi tepi m'malire. Pa dimba limeneli mbali zazifupi ndi mamita 18.03 ndipo zazitali ndi mamita 30.41. Akachulukitsa apeza masikweyamita 548. Wawonjezera pafupifupi 29 amene kulibe. Pa dimba laling'ono zingaoneke zochepa, koma ndi masikweyamita oposa asanu pa 100 aliwonse, ndipo pa munda wa maekala angapo zimenezi ndi mizere yambiri ya chimanga, komanso mbewu ndi feteleza zimene munthu wawerengera malo amene alibe.

Kuti muone ndi maso zimene ngodya imachita, tengani timitengo tiwiri, ka masentimita 40 ndi ka masentimita 30, mutibowole pakati penipeni n'kutilumikiza ndi msomali umodzi. Zungulizani mphira kapena lamba wa chubu m'nsonga zinayizo. Timitengoto tikutseguka ndi kutsekeka ngati sizasi, ndipo mphirayo nthawi zonse ikujambula paralelogilamu, chifukwa msomali uli pakati pa kamtengo kalikonse. Kutalika kwa timitengo sikukusintha. Chimene chikusintha ndi malo amene mphira yazinga. Mukatitseka mpaka madigiri 30, sin ndi 0.5, ndipo malowo ndi 300. Mukatsegula kufika 60, afika 519.6. Mukapitiriza amakulabe, koma pang'onopang'ono tsopano, mpaka timitengoto titapanga mtanda weniweni pa madigiri 90. Pamenepo sin ndi 1, ndipo malowo ndi 600. Mukapyola pamenepo ayambanso kuchepa. Madayagonolo a 40 ndi 30 sangazinge malo oposa 600, zivute zitani.

Pa mtanda paja ndi pamene pamabadwira rombasi. Thirayango iliyonse mwa zinayi zija tsopano ili ndi kona ya sikweya, ndi miyendo iwiri ya 20 ndi 15. Lamulo la Pythagoras likuti 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, 15 kuchulukitsa ndi 15 ndi 225, pamodzi 625, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 625 ndi 25. Mbali zonse zinayi ndi 25. Choncho lamulo lija timaloweza kusukulu, lakuti kukula kwa rombasi ndi theka la dayagonolo kuchulukitsa ndi dayagonolo inzake, si lamulo lina lapadera. Ndi lomwe lija la paralelogilamu, kungoti sin wasanduka 1 ndipo sakufunikanso kulembedwa.

```
A = ½ × d1 × d2
A = ½ × 40 × 30 = 600
```

Amene sakonda manambala angathe kutsimikiza zimenezi ndi pepala. Jambulani rombasi, kenako jambulani bokosi lomuzinga, la 40 mulitali ndi 30 mulifupi, logunda makona ake onse anayi. Bokosilo ndi 1,200. Kunja kwa rombasi kwatsala tizidutswa tinayi m'makona a bokosi, ndipo kalikonse mukakapinda kulowa m'kati kamavindikira ndendende thirayango imodzi ya m'kati. Zam'kati n'zofanana ndi zakunja, motero rombasi ndi theka la bokosi. Theka lija la mu lamulo limachokera pamenepa, ndipo amene wapindapo pepala chonchi saliiwalanso.

Rombasi amanyenga kwambiri, chifukwa mbali zinayi zofanana zimapangitsa munthu kuganiza za sikweya. Wina ayeza 25 mbali zonse n'kunena kuti malowo ndi 625. Zoona zake ndi 600. Chizindikiro chimene chikanamuchenjeza ndi zingwe zija. Sikweya weniweni wa mbali za 25 ali ndi madayagonolo ofanana, mamita 35.36 iliyonse. Wathuyu ali ndi 40 ndi 30. Amisiri omanga nyumba amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake akakhoma zikhomo za maziko samangokhutira ndi mbali zokha. Amakoka tepi kuchoka pa kona kupita pa kona yoyang'anizana, mbali zonse ziwiri, ndipo manambalawo akasiyana amasuntha zikhomo mpaka afanane. Akufunafuna makona a sikweya, pamene ife tikufunafuna kukula kwa malo, koma zingwe zake ndi zomwezo.

Maziko a nyumba akutipatsanso chitsanzo cha cholakwika china, chotembenuka cha chija. Nyumba ya mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi ili ndi madayagonolo a mamita 10 iliyonse. Mwana amene waloweza lamulo la rombasi angachulukitse 10 ndi 10, n'kugawa pawiri, n'kupeza 50. Koma tonse tikudziwa kuti 8 kuchulukitsa ndi 6 ndi 48. Chavuta n'chakuti makona a nyumbayo ndi a sikweya, koma madayagonolo ake sakukumana pa sikweya. Akukumana pa madigiri pafupifupi 74, ndipo sin wake ndi 0.96. Mukachulukitsa 50 ndi 0.96 mubwerera pa 48. Kusiya sin n'kololedwa pokhapokha mwatsimikiza kuti zingwezo zapanga mtanda weniweni.

Zimenezi zikutifikitsa pa chisokonezo chimene ndimaona kuti chimagwetsa ophunzira ambiri pa mayeso. Paralelogilamu ali ndi ngodya za mitundu iwiri. Pali ya pa kona, pakati pa mbali ziwiri za malire, ndiye pali ya pakati pa munda, pamene madayagonolo akumana. Iliyonse ili ndi lamulo lake. Ngodya ya pa kona imayenda ndi mbali ziwiri zimene zaipanga, ndipo lamulo lake lilibe theka: mbali kuchulukitsa ndi mbali kuchulukitsa ndi sin. Ngodya ya pakati imayenda ndi madayagonolo, ndipo lamulo lake lili ndi theka. Pa rombasi wathu uja, ngodya yaing'ono ya pa kona ndi madigiri 73.7, ndipo 25 kuchulukitsa ndi 25 kuchulukitsa ndi 0.96 zikupereka 600, mogwirizana ndi yankho la madayagonolo. Koma amene atenge 40 ndi 30 n'kuphatikiza ndi ngodya ya pa kona apeza 576, yankho looneka labwinobwino koma lolakwika. Musanadine kalikonse, ikani chala pa ngodyayo n'kuona mizere iwiri imene yaipanga. Manambala amene mukuchulukitsa akhale a mizere yomweyo.

Nanga kumunda, kumene kulibe chida choyezera madigiri, ngodyayo ipezeka bwanji? Chosangalatsa n'chakuti madigiriwo sitikuwafuna kwenikweni. Tikufuna sin, ndipo sin amayezeka ndi tepi. Kuchoka pamene zingwe zakumana, yezani mamita 10 motsata chingwe chachifupi, mukhome kachikhomo. Mnzanu agwire mutu wa tepi pa kachikhomoko. Inu pitani pa chingwe chachitali, muyende nacho uku ndi uku tepi ili yokoka, mukuyang'ana nambala imene ikugunda chingwecho. Iyamba yaikulu, itsika, kenako iyambanso kukwera. Yaing'ono kwambiriyo ndiyo mukufuna. Pa dimba lathu ndi mamita 8.66. Gawani ndi 10, mwapeza 0.866, sin wanu, popanda kakyuleta. Ngati palibe chotchinga, ndi bwino kuposa apo kuyeza kuchoka pa chikhomo chenicheni cha pa kona, chifukwa mtunda ukakhala wautali, kulakwitsa ndi masentimita angapo sikusokoneza kwambiri. Mupeza mamita 13, ndipo pa paralelogilamu 40 kuchulukitsa ndi 13 ndi 520, yankho lomwe lija.

Ngodya ikayezedwa mosasamala, kuopsa kwake sikufanana paliponse, ndipo ichi n'chofunika kuchidziwa musanakhulupirire yankho lanu. Pafupi ndi madigiri 90, sin sasuntha msanga. Ngati ngodya ndi 85 koma inu mwaitenga ngati 90, sin weniweni ndi 0.996, ndipo pa 600 mwaphonya ndi masikweyamita awiri ndi pang'ono basi. Koma pa malo opyapyala, amene zingwe zake zatsala pang'ono kugonerana, madigiri asanu omwewo amawononga kwambiri. Pa madigiri 30 yankho ndi 300. Pa 25 ndi 254, pa 35 ndi 344. Choncho munda ukakhala wautali ndi wopapatiza, monga ya m'mbali mwa mtsinje imakhalira, musayerekeze ngodya ndi maso. Yezani ndi tepi kawiri, mbali zonse ziwiri za chingwe chachitali, muone ngati manambalawo akugwirizana.

Kakyuleta nayo ili ndi msampha wake, makamaka ya pa foni. Imatha kuwerenga ngodya m'madigiri, pamene pamwamba pamalembedwa DEG, kapena m'muyezo wina, pamene pamalembedwa RAD. Ikakhala pa RAD, sin 60 imapereka −0.305, ndipo munda wanu umatuluka ndi kukula kochepera ziro. Chimenecho n'chosavuta kuchigwira. Choopsa ndi sin 90, imene pa RAD imapereka 0.894, nambala yooneka yabwinobwino. Yambani mwadina sin 30. Ikapereka 0.5, kakyuletayo ili bwino. Ndipo yankho lililonse loposa theka la d1 kuchulukitsa ndi d2 ndi lolakwika basi, chifukwa sin sapyola 1.

Tepi ndi chingwe zili ndi zawo. Chingwe cholendewera chimatalikitsa muyezo, ndipo cha nayiloni chimatambasuka mukachikoka, choncho chingwe chigwire ntchito yoonetsa mzere wokha, kuyeza kuchitike ndi tepi. Pa malo otsetsereka, kukula kumene oyeza malo amalemba pa mapu ndi kwa malo ongoyerekeza kuti ndi osalala, motero tepi iyenera kugwiridwa yopingasa, pang'onopang'ono, osati kuigoneka motsata mtsetse.

Owerenga ena afunsa kuti, kodi ndi minda ingati imene ili paralelogilamu weniweni? Ndi yochepa, n'zoona. Koma lamulo limeneli silithera pa paralelogilamu. Limagwira pa malo aliwonse a mbali zinayi zowongoka amene zingwe zake zikukumana m'kati. Bwererani ku timitengo tija, muchotse msomali, musunthe kachifupiko kuti kadutse pena paliponse pa kakatali, ngodya ikhale yomweyo. Mphira ijambula chinthu china, cha mbali zinayi zosiyana, koma malo amene yazinga sasintha. Chifukwa chake n'chakuti kamtengo kakatali kagawa malowo mathirayango awiri a tsinde limodzi la 40. Msinkhu wa mbali ino ukakula, wa mbali inayo umachepa ndi mlingo womwewo, ndipo pamodzi amakwanabe 30 kuchulukitsa ndi sin, pa madigiri 60 pafupifupi 26. Theka la 40 kuchulukitsa ndi 26 ndi 520. Pa munda wotere yezani misinkhu yonse iwiri, kuchoka pa zikhomo ziwiri za chingwe chachifupi, muiphatikize.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kusamalidwa pamenepa. Zingwe zikapanga mtanda, lamulo lopanda sin lija limagwira, koma zimenezo sizikutanthauza kuti malowo ndi rombasi. Ngati mtandawo suli pakati pa zingwe zonse ziwiri, mbali zake sizifanana, ndipo amene akuwerengera waya kapena mitengo ya mpanda sangangotenga 25 kanayi. Kukula kwa malo kudzakhala 600 ndithu, koma malire ayenera kuyezedwa paokha. Ndipo munda ukakhala ndi kona yolowa m'kati, moti chingwe chimodzi chikudutsa m'munda mwa mnzanu, kapena ukakhala ndi makona asanu kapena kuposa apo, ugaweni mathirayango, mupeze kukula kwa iliyonse ndi tsinde ndi msinkhu wake, n'kuphatikiza.